Kusanja pepala losokonekera pambuyo pocheza ndi wodwala maganizo

Munthu amene mutu wamusokonekera salankhula motsata mitu ya m'buku. Mukamufunsa za tulo amakuuzani za mlamu wake, gadiyani n'kulowererapo, wina n'kugogoda pachitseko kufuna kiyi wa kabati ya mankhwala. Pofika kumapeto pepala lanu ladzaza ndi mizere yopingasa, mivi, ndi mawu a Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao osakanikirana. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Pepala loyamba liyenera kukhala lotero, chifukwa amene akulimbana ndi kulemba mwaudongo uku wodwala akulankhula ndiye kuti maso ake ali pa cholembera, sali pa munthu. Vuto limabwera pepala lomwelo likalowa mu fayilo mmene lilili, kapena likakoperedwa mwaphuma pansi pa mitu, mzere uliwonse n'kuponyedwa paliponse pamene pali malo.

Ndimagwira ntchito ya unamwino wa matenda a maganizo kuno ku Mangochi, ndipo ophunzira akabwera kudzazolowera ntchito, mitu ya kuyeza maganizo, imene m'zipatala timaifupikitsa kuti MSE, amabwera akuidziwa pamtima. Poyamba pali maonekedwe ndi machitidwe a munthu. Kenako kalankhulidwe. Kenako mmene akumvera mumtima, mbali ziwiri: zimene iye akunena, ndi zimene ife tikuona pankhope ndi m'mawu. Pakubwera kayendedwe ka maganizo, kenako zimene zili m'maganizomo. Pakubwera zimene akumva kapena kuona zomwe ena sakuzimva. Kenako kutsitsimuka kwa ubongo, kutanthauza ngati ali maso, ngati akudziwa nthawi ndi malo, ngati akutha kuika chidwi pa chinthu ndi kukumbukira. Potsiriza, ngati iye mwini akuzindikira kuti akudwala, ndi mmene akusankhira zochita. Mabuku amasiyana pang'ono, ena amaphatikiza mitu iwiri, ena amaigawa, koma msana wake ndi womwewo. Kuloweza mituyi n'kosavuta. Ntchito yagona pogamula kuti mzere uwu upita pati, ndipo koposa zonse, kuti ndi mizere iti imene siyenera kulowamo n'komwe.

Ndisanakhudze mutu uliwonse, mzere uliwonse ndimaufunsa funso limodzi: kodi izi ndaziona kapena kuzimva ndekha, kwa wodwalayu, m'chipinda muno, lero? Ngati yankho ndi ayi, mzerewo si wa kuyeza maganizo. Ndi wa mbiri ya matenda. Kuyeza maganizo kuli ngati kuyeza kutentha kwa thupi: kumanena za nthawi imene mwayezayo, osati za sabata yatha, ndipo sikunena chimene chayambitsa.

Nditenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Munthuyu ndamuumba kuchokera kwa odwala angapo kuti pasakhale wozindikirika, koma mzere uliwonse ndi wa mtundu umene timakumana nawo. Ndi msodzi wa zaka 31 wochokera m'mbali mwa nyanja. Wabwera masana ndi mayi ake ndi amalume ake. Kalata ya kuchipatala chaching'ono ikungoti wasokonezeka mutu chifukwa cha chamba, atumizidwe. Pepala langa titatha kucheza linali motere (ndaliika lonse m'Chichewa):

manja omangidwa ndi chingwe cha ukonde, tamumasula
amalume: usiku utatu osagona, amakuwa usiku, masana amakhalako bwino
malaya wavala chopindula, thukuta, zala zikunjenjemera
“anzanga a pabwato andilodza”
chamba kalekale, kachasu tsiku lililonse (mayi)
akutolatola pansalu ya mayi ake, palibe kanthu
“tili padoko”
mawu otsika, kenako kukuwa, sakumaliza zimene wayamba
mumtima? “ndikuopa, anesi”
akuloza khoma, “njoka izo”
dzulo amafuna kudzigwetsera m'nyanja (amalume)
wandifunsa katatu kuti ndine ndani
sakundiyang'ana
wasinza, mayi amugwedeza
“sindikudwala ine, ndisiyeni ndipite kuntchito”
saikosisi?

Choyamba ndimatenga cholembera chofiira n'kulemba chilembo kumanzere kwa mzere uliwonse: G ngati wanena ndi gadiyani, W ngati ndi mawu a wodwala, N ngati ndaona ndekha. Mzere wa usiku utatu, mzere wa chamba ndi kachasu, ndi mzere wa kunyanja dzulo, yonse yalandira G. Imeneyi ikupita ku mbiri. Si kuti ndi yopanda ntchito, ayi, mizere itatu imeneyi ndi yolemera kwambiri papepala lonse. Koma ndikalemba “osagona usiku utatu” pansi pa machitidwe, wowerenga aganiza kuti ndamuona ine, pomwe ndi amalume amene anena, ndipo amalumewo mwina amagona nyumba ina. Mzere womaliza, “saikosisi?”, sulandira chilembo chilichonse. Ndi ganizo langa chabe, limene linandibwerera pakati pa kucheza, loti mwina ndi matenda a maganizo amene munthu amalephera kusiyanitsa zenizeni ndi zimene kulibe. Malo ake ndi kumapeto kwa fayilo, pamene timalemba zimene tikuganiza kuti munthu akudwala. Likalowa msanga pansi pa mitu, mizere ina yonse imayamba kulembedwa moligwirizira.

Pa maonekedwe ndi machitidwe pamapita mizere yambiri, ndipo apa m'pamene anthu amakonda kulemba chiweruzo m'malo mwa chimene aona. Wina akanalemba kuti “wosadzisamala, wosamvera, wachiwawa”. Mawu atatu amenewa sauza kanthu mnzanga wa usiku. Wachiwawa wamenya ndani? Chingwe chija anamumanga ndi abale, ndipo ine nditamumasula anakhala pabenchi osaopseza munthu. Choncho ndimalemba kuti anabwera womangidwa manja ndi abale, atamasulidwa sanamenye kapena kuopseza aliyense, m'mikono muli mikwingwirima ya chingwe. Malaya ovala chopindula, thukuta lochuluka, zala zonjenjemera akatambasula manja, kutolatola pansalu. Kunjenjemera ndimakulemba nthawi zonse, ngakhale kuoneke kochepa, ndipo ndimayang'ana m'kabuku kake ka kuchipatala ngati analandirapo mankhwala monga haloperido kapena kulopuromazini, chifukwa mankhwala amenewa amatha kunjenjemeretsa, kuumitsa thupi ndi kumulepheretsa munthu kukhala pansi. Msodziyu sanalandirepo.

Mzere wa “sakundiyang'ana” umafuna kuusamala. Kwathu kuno mnyamata wolankhula ndi munthu wamkulu amalume ake ali pomwepo sayang'ana m'maso, ndipo mayi wachichepere akhoza kukhala pansi n'kuzolika kucheza konse chifukwa cha ulemu. Kulemba kuti “sayang'ana m'maso” popanda china kumamupatsa munthu chizindikiro cha matenda chimene alibe. Ndimalemba kumene maso ali. Wozolika mwaulemu amadzutsa nkhope mukamutchula dzina. Wokhumudwa kwambiri maso amakhala pansi osasuntha. Msodziyu maso ake amayendayenda, kukhoma, kuchitseko, kudenga, ngati akutsatira chinthu. Mitundu itatu yosiyana, ndipo papepala loyamba yonse imalembedwa ndi mawu amodzimodzi.

Kalankhulidwe ndi kayendedwe ka maganizo zimasokoneza ophunzira chifukwa zonse timazimva kudzera pakamwa pomwepo. Mzere wanga umodzi, “mawu otsika, kenako kukuwa, sakumaliza zimene wayamba”, uyenera kudulidwa pakati. Kukwera ndi kutsika kwa mawu, liwiro lake, kuchuluka kwake, ngati lilime likulemera, ndi za kalankhulidwe. Mukhoza kuzimva ngakhale munthu akulankhula chinenero chimene simuchidziwa, muli kuseri kwa chitseko. Koma kuti ganizo layamba n'kuthera panjira, kuti lalumphira pa nkhani ina, kuti lazungulira kutali lisanafike pa yankho, zimenezo simungazidziwe popanda kumva tanthauzo, ndipo ndi za kayendedwe ka maganizo. Apa ndimayesetsa kuika chiganizo chimodzi ndendende mmene chinatulukira. Msodzi uja nditamufunsa kuti anadya liti, anati: “Dzulo tinali... nyali ija yazima... amayi, tsekani uko.” Chiganizo chimenecho chimauza wowerenga zambiri kuposa kulemba kuti maganizo ndi osalongosoka.

Kuno pali chinthu china chowonjezera. Odwala ambiri, makamaka ochokera cha ku Makanjira, ku Namwera ndi midzi ina, amamasuka m'Chiyao, ndipo wogwira ntchito amene sachidziwa amadalira gadiyani kuti amasulire. Gadiyani ndi munthu wachifundo. M'bale wake akalankhula zoduladula, iye amazilumikiza, n'kukupatsani chiganizo chosalala chimene wodwalayo sananene. Kusalongosoka konse kwatayikira panjira. N'chifukwa chake pamwamba pa kuyeza maganizo ndimalemba chinenero chimene tinagwiritsa ntchito ndi amene anamasulira, ndipo ngati anamasulira ndi wachibale ndimamufunsa mwachindunji: “Amalume, mmene akulankhuliramu, zikumveka bwinobwino kwa inu, kapena mukuchita kulumikiza nokha?” Kawirikawiri amayankha kuti, “Eee, anesi, zina sizikugwirizana.” Yankho limenelo ndimalilemba, ndi chilembo G pambali pake.

Za mumtima ndimapitapo msanga chifukwa lamulo lake ndi lachidule. Mbali yoyamba ndi mawu a wodwala, osasinthidwa: “ndikuopa”. Mbali yachiwiri ndi imene ndaona: nkhope ya mantha, kudzidzimuka chitseko chikalira, ndipo pakati pake nkhope yongoti phee ngati sali pano. Ndimaonjezera ngati ziwirizi zikugwirizana. Munthu akhoza kunena kuti ali bwino misozi ikutsika, kapena kusimba maliro a mwana wake akuseka, ndipo kusiyana kumeneko kumangooneka ngati mbali ziwirizi zalembedwa padera.

Tsopano “anzanga a pabwato andilodza”. Mzere uwu ndi umene umandichedwetsa kwambiri pa fayilo iliyonse, ndipo ndimaona kuti ndi umene umalembedwa molakwika kuposa ina yonse. Malo ake ndi pa zimene zili m'maganizo, zimenezo n'zosakayikitsa. Funso ndi lakuti tiutchule chiyani. Kuti chikhulupiriro titi ndi cha matenda, chiyenera kukhala chogwiridwa mwamphamvu, chosasunthika ngakhale mutapereka umboni wotsutsa, ndiponso chosagwirizana ndi zimene anthu a kwawo kwa munthuyo amakhulupirira. Ufiti ndi majini ndi nkhani zimene anthu ambiri olongosoka amazikhulupirira. Mayi ake a msodziyu, amene alibe vuto lililonse la maganizo, akhoza kunena mawu omwewo, ndipo mwina asanabwere kuno anayamba kwa sing'anga kapena kwa shehe. Ndiye kungomva mawu oti kulodza n'kuthamangira kulemba kuti ali ndi chikhulupiriro cha matenda ndi kulakwira munthu. Komanso kungoti “ndi za chikhalidwe” n'kusiya osafufuza ndi ulesi wa mtundu wina.

Chimene ndimachita n'kufunsa kuti wadziwa bwanji, ndiponso kuti abale akuziona bwanji. Wina amati, “Ndakhala ndikudwaladwala, ndiye akuluakulu akuti mwina pali dzanja la munthu.” Ameneyo akufotokoza matenda ake mmene mudzi wake umafotokozera. Wina amati wadziwa chifukwa wailesi inatchula dzina lake, ndipo aliyense wovala malaya ofiira pamsika ndi wotumidwa, abale ake n'kumapukusa mitu. Ameneyo ndi nkhani ina. Kwa msodzi wathu panachitika chinthu chachitatu. Nditabwereranso ku funsolo patapita kanthawi, sanalikumbuke, ndipo anati amene akumufuna ndi apolisi. Chikhulupiriro chimene chimasintha nkhope pa mphindi zochepa sichinakhazikike. Choncho ndinalemba mawu ake onse awiri, n'kuonjezera kuti maganizo oti akufunidwa ndi anthu ndi osakhazikika, akusinthasintha mkati mwa kucheza.

Pansi pa mutu womwewu pamakhala nkhani yodzipha ndi yovulaza ena, ndipo apa kusanja kunandionetsa dzenje. Mzere wa kunyanja dzulo ndinali nditautumiza kale ku mbiri chifukwa ananena ndi amalume. Ndiye pansi pa zimene zili m'maganizo, pa nkhani yodzipha, panatsala popanda kanthu: wodwalayo mwini sanafunsidwe. Umu ndi mmene mitu imathandizira. Papepala losokonekera nkhaniyo imaoneka ngati yakambidwa, poti mawu oti nyanja alipo. Mukasanja m'pamene mumaona kuti yakambidwa ndi munthu wina. Ndinabwerera n'kumufunsa: “Achimwene, dzulo kunyanja kuja mumafuna kutani? Mumafuna kufa?” Iye anati, “Ndimathawa njoka.” Kuthawa ndi kufuna kufa ndi zinthu ziwiri, ngakhale zonse zikhoza kumiza munthu. Mu fayilo ndinalemba kuti wakana maganizo ofuna kudzipha, akuti amathawa zimene amaona, koma yankholi lisadaliridwe kwambiri chifukwa chidwi chake chikuduka, ndipo afunsidwenso akatsitsimuka. Ngozi yodzivulaza ikadalipo, ayang'aniridwe.

Pamenepa ndinenepo za malo opanda kanthu. Pali zinthu zitatu zimene zimasiyana: ndinafunsa ndipo anakana, sindinafunse, ndi ndinayesa koma sizinatheke kuyeza. Kamzere kongodula kapena mawu oti “palibe” amabisa zitatu zonsezi. Ndimakonda fayilo yolembedwa kuti “sizinafunsidwe” kusiyana ndi yolembedwa “palibe” pamene munthu sanafunse, chifukwa yoyambayo imatuma wotsatira kukafunsa, pomwe yachiwiriyo imamugoneka tulo.

“Njoka izo” ndi mzere wa zimene akuona. Koma ndisanaulembe ndinatembenuka kuyang'ana khomalo. Pakanakhala mng'alu kapena waya wamagetsi, ndiye kuti waona chinthu chenicheni n'kuchitenga molakwika, zimene zimachitikira ngakhale munthu wabwinobwino madzulo kukada. Khomalo linali loyera, lopanda kanthu, ndiye kuti akuona chinthu chimene kulibe. Ndimalembanso njira imene chabwerera: m'maso, m'makutu, pakhungu, m'mphuno. Kutolatola pansalu kuja kunatsala pa machitidwe chifukwa ndi zimene ndinaona, koma kunandipatsa funso, ndipo iye anati pali tizilombo tikumuyenda m'mikono. Yankho limenelo linalowa pano. Mawu a anthu olankhula m'makutu anakana. Chinthu chimodzi chikhoza kuonekera pa mitu iwiri motero, chimene thupi likuchita pamwamba, chimene munthu akuti akumva pansi, bola osakopera chiganizo chomwecho kawiri.

Yatsala mizere itatu imene papepala loyamba inali yotalikirana, yooneka ngati yosafunika: “tili padoko”, “wandifunsa katatu kuti ndine ndani”, ndi “wasinza, mayi amugwedeza”. Wophunzira akhoza kuika woyamba pa zikhulupiriro za matenda, wachiwiri pa kalankhulidwe, wachitatu pa machitidwe, ndipo palibe angamudzudzule poyang'ana mzere umodziumodzi. Koma akatero, mutu wa kutsitsimuka kwa ubongo utsala wopanda kanthu, kapena ulandira mawu amene timawaona m'mafayilo ambiri, oti “zili bwino”. Itatu yonseyi kwawo ndi kuno. Sakudziwa malo amene ali. Sakusunga chimene wauzidwa mphindi zapitazo. Akulephera kukhala maso masana dzuwa lili pamutu, munthu akumulankhula.

Itakhala pamodzi, inandibweza kwa wodwala kachiwiri kuti ndikayeze bwinobwino. Mayeso a m'mabuku, monga kuchotsera 7 pa 100 mobwerezabwereza, kapena kufunsa deti lenileni, amagwetsa anthu ambiri amene sanapite patali ndi sukulu ngakhale mutu wawo uli bwino. Ndimafunsa zimene msodzi aliyense amadziwa. Kodi ndi m'mawa, masana kapena usiku? Lero ndi lachingati, Lachisanu la mapemphero lapita kapena likubwera? Tili m'nyengo yanji, ya mwera kapena ya mvula? Kenako ndimamupempha atchule masiku a sabata kuyambira Lolemba, akatha awatchule chobwerera m'mbuyo. Ndimamupatsa mawu atatu, monga bwato, mbuzi, sopo, awabwereze pomwepo, ndipo ndimamufunsanso patapita mphindi zisanu. Msodziyu anati ndi usiku pomwe inali 2 koloko masana. Masiku opita kutsogolo anafika Lachinayi n'kusochera. Chobwerera sanayambe n'komwe. Mawu atatu anabwereza awiri, ndipo pambuyo pake sanakumbuke ngakhale limodzi. Mayi ake anawazindikira. Ndimalemba funso ndi yankho lake, osati “walephera” basi, kuti woyeza mawa afunse zomwezo n'kuona ngati pali kusintha.

Mzere womaliza wa mawu ake, “sindikudwala ine, ndisiyeni ndipite kuntchito”, ukudukanso pakati. Mbali yoyamba ikunena kuti sakuzindikira kuti akudwala. Yachiwiri ikunena za kasankhidwe ka zochita: munthu wonjenjemera, wosadziwa kuti kunja kwacha, akufuna kukakwera bwato.

Zonse zitasanjidwa, zimene zinalowa mu fayilo zinali zazifupi kuposa nkhani yonseyi. Pamwamba deti, nthawi ya 2 koloko masana, chinenero Chichewa, mayi ndi amalume analipo. Kenako motere.

Maonekedwe ndi machitidwe: anabwera womangidwa ndi abale, atamasulidwa sanaopseze munthu, malaya chopindula, thukuta lochuluka, zala zikunjenjemera, akutolatola pansalu, maso akuyendayenda m'chipinda. Kalankhulidwe: kochepa, mawu akutsika ndi kukwera mwadzidzidzi. Mumtima: iye akuti “ndikuopa”, nkhope ya mantha, akudzidzimuka msanga, nthawi zina nkhope yosasonyeza kanthu. Kayendedwe ka maganizo: koduladula, ziganizo zikuthera panjira. Zimene zili m'maganizo: akuti akufunidwa ndi anthu, poyamba anzake, kenako apolisi, zosakhazikika, wakana kufuna kudzipha, afunsidwenso. Zimene akuona ndi kumva: njoka pakhoma lopanda kanthu, tizilombo pakhungu, wakana kumva mawu. Kutsitsimuka kwa ubongo: akusinza, sakudziwa nthawi ndi malo, wazindikira mayi ake, chidwi chikuduka, mawu atatu 2 pomwepo, 0 pambuyo pa mphindi zisanu. Kuzindikira matenda: akuti sakudwala, akufuna kupita kunyanja.

Amene wagwirapo ntchitoyi akawerenga ndimeyi saonanso munthu wa “chamba” wa m'kalata ija. Kusinza, kusadziwa nthawi ndi malo, chidwi choduka, kuona zinthu m'malo momva mawu, mantha osinthasintha nkhope, zonsezi pamodzi ndi chithunzi cha deliriyamu, kusokonezeka kwa ubongo kobwera mwadzidzidzi chifukwa thupi likudwala. Munthu wa skizofureniya, matenda a maganizo okhalitsa, ngakhale atamamva mawu usana ndi usiku, kawirikawiri amadziwa kuti ali kuchipatala ndipo sasinza mukumulankhula. Tsopano mizere ya G ija, imene ndinaichotsa poyamba, ikubwerera ndi mphamvu yake pamalo oyenera: zayamba masiku atatu okha apitawa, zimakula usiku n'kuchepa masana, ndipo amamwa kachasu tsiku lililonse. Funso limene linatsala ndinafunsa mayi ake: “Mayi, mowa anamwa komaliza liti?” Anati masiku asanu apitawo, pamene anayamba kumva kuphwanya m'thupi n'kusiya kupita kunyanja. Munthu womwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi, kusokonezeka kotere kumakonda kuyamba pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kukhoza kupha ngati sikusamalidwa.

Kuyeza maganizo kumathera pamenepo. Sikungandiuze ngati choyambitsa ndi kusiya mowa, malungo, chibayo, shuga wotsika, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu, kapena ziwiri mwa izi nthawi imodzi, zimene si zachilendo kuno kunyanja kumene malungo satha chaka chonse. Chimene kwachita ndi kusintha njira ya wodwala. M'malo molemba kalata yopita ku Zomba Mental Hospital, ulendo wa maola angapo pa ambulansi, munthuyu akufunika kuyezedwa kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, malungo, khosi ndi chifuwa, kuona ngati akudziwa za HIV yake, ndi kugonekedwa kuwodi ya matenda a m'thupi, kliniko ofesa amuone lero lomwe.

Chifukwa deliriyamu imakwera ndi kutsika, nthawi imene ndinalemba pamwamba ija ili ndi ntchito. Mawa m'mawa dokotala akhoza kumupeza atakhala pabedi akumwa phala, akuyankha bwino, n'kuganiza kuti anesi a dzulo anakokomeza. Usiku womwewo akhoza kuzula diripu n'kuthamangira pawindo. Kuyeza kuwiriko sikukutsutsana, ndipo kwatsopano sikufufuta kwakale. Kulikonse kumalembedwa pakokha, ndi deti ndi ola lake, pansi pa mitu yomweyo, mafunso omwewo.

Kusanjaku ndimakuchita wodwala asanachoke pabenchi ya panja, osati madzulo mzere wa odwala ukatha, chifukwa pafupifupi nthawi zonse pamapezeka mutu umodzi wondibweza kukafunsanso, ndipo gadiyani akakwera kabaza kupita kukasaka chakudya simumuonanso mpaka mawa. Pepala loyambalo lili ndi zinsinsi za munthu, choncho silitsala patebulo kapena m'thumba la yunifolomu. Ngati malamulo a pamalopo akulola ndimalimata kumbuyo kwa fayilo, apo ayi ndimaliwononga ndikatsimikiza kuti mawu onse a wodwala amene ndinawaika m'zizindikiro za mawu ogwidwa akoperedwa ndendende. M'kabuku ka kuchipatala, kamene wodwala amapita nako kunyumba ndipo kamagwiridwa ndi manja ambiri, ndimangolembamo zimene wachipatala wotsatira akufunikira kuti apitirize chithandizo. Mawu onena anzake a pabwato sindiwalembamo.